Khodi sikubwera ndipo tsamba lili m'Chifalansa: ndiyambire pati?

"Ndikufuna kulowa mu Gmail yanga pa laputopu yomwe ndabwereka kwa mnzanga, koma zonse zikutuluka m'Chifalansa, chinenero chomwe sindichidziwa. Pasiwedi yalola. Kenako pabwera tsamba la mutu woti `Validation en deux étapes`. Pali kabokosi kolembamo, ndipo pa mawu a pamwamba pake ndikungozindikira `application` ndi `Google Authenticator`. Pansi pali `Suivant` ndi `Essayer une autre méthode`. Ndadikira meseji kuyambira m'mawa, koma zii. Foni ndinasintha mwezi watha, simukhadi ndi yomwe ija, ndipo foni yakale ndinapatsa mng'ono wanga. Kodi andibera akaunti?"

Mayi, mtima m'malo. Pa zomwe mwalembazi palibe chosonyeza kuti mwaberedwa, ndipo simukhadi yanu ilibe mlandu. Meseji mukuidikirayo palibe anaitumiza. Tsamba lili patsogolo panulo silikunena kuti takutumizirani khodi, likunena kuti pitani mukaitenge nokha mu pulogalamu ya pa foni yotchedwa Google Authenticator. Mutadikira sabata yathunthu, foni ingokhala chete chimodzimodzi.

Tisanafike kumeneko, yang'anani kaye pamwamba penipeni pa bulawuza, pamene pamalembedwa adiresi ya tsamba. Payenera kuyamba ndi `accounts.google.com`, kenako kamzere kopendekera. Ngati pali dzina lina lililonse, kapena mawu ena alowerera pakati pa `google.com` ndi kamzere kaja, tsekani tsambalo osalembamo kanthu, ndipo mukasinthe pasiwedi mwamsanga, chifukwa mwaipereka kale kwa anthu osawadziwa. Mbava zimapanga masamba ofanana ndendende ndi enieni, ndipo munthu amene akulimbana ndi chinenero chachilendo ndiye saona msanga kuti pena palakwika. Ngati adiresi ili bwino, Chifalansacho chisakuopseni. Tsamba lolowera limatsata chinenero chomwe bulawuza ya pa makinawo inaikidwa. Laputopu ya mnzanuyo imalankhula Chifalansa, basi, akaunti yanu sinasinthidwe.

Chinenerocho mutha kuchisintha pompo. Tsikirani pansi penipeni pa tsambalo, chakumanzere, muona mawu oti `Français` ndi kamuvi koloza pansi. Mukadina pamenepo patuluka mndandanda wa zinenero, chilichonse cholembedwa m'kalembedwe kake, moti `English` muiona mosavuta. Pena tsamba limakubwezani poyambira kuti mulembenso pasiwedi, ndipo zimenezo si vuto. Njira ina ndi ya mu adiresi momwemo: ngati muli kachidutswa koti `hl=fr`, sinthani kakhale `hl=en` n'kudina `Enter`. Anthu ambiri sadziwa zoti kamndandanda kameneka kaliko, chifukwa kamakhala kotuwa, kakang'ono, kunsi komwe maso safikako munthu akatekeseka.

Komabe ndi bwino kudziwa kuwerenga tsamba lotere ngakhale chinenero chitakana kusintha, popeza si makampani onse amene amaika kamndandanda kaja. Masamba otsimikizira kachiwiri, kaya ndi a banki, a imelo kapena a kuntchito, amayankha funso limodzi lokha: khodi ili kuti? Yankho lake limaonekera m'zinthu zomwe sizimasuliridwa. Ngati khodi yapita pa meseji, tsamba limaonetsa nambala ya foni yobisidwa ndi timadontho, n'kusiya manambala awiri omaliza, mwachitsanzo timadontho kenako 47, ndipo kawirikawiri pamakhala zilembo zitatu za `SMS` zomwe zimalembedwa chimodzimodzi m'zinenero zambiri. Ngati yapita pa imelo, muona adiresi yodukaduka yokhala ndi chizindikiro cha `@`. Ngati akufuna kuti muvomereze pa foni, amatchula mtundu wa foniyo, ndipo pena amaonetsa nambala yaikulu ya manambala awiri yoti mukaidine pa foniyo. Apo kabokosi kolembamo sikakhalapo n'komwe. Koma pakakhala kabokosi, popanda nambala ya foni, popanda `@`, pali dzina la pulogalamu, dziwani kuti palibe chomwe chatumizidwa. Lanu ndi limeneli. M'Chifalansa liwu loti `envoyé` ndilo limatanthauza kuti chatumizidwa. Lifunefuneni pa tsamba lanulo, simulipeza.

Tsono pulogalamuyo imagwira ntchito motere. Tsiku lomwe munayatsa chitetezo chimenechi, mwina zaka zapitazo, kapena munthu amene ankakuthandizani ndiye anayatsa, munajambula ndi foni kachithunzi kamakona anayi ka timadontho takuda, kaja amati QR. M'kachithunzimo munali kiyi yachinsinsi yomwe inasungidwa malo awiri: mu foni yanu ndi kwa Google. Kuchokera tsiku limenelo, foni imatenga kiyiyo, n'kuiphatikiza ndi nthawi ya pa wotchi, n'kutulutsa manambala 6 omwe amasintha masekondi 30 aliwonse. Makina a Google nawo amachita masamu omwewo kumbali kwawo. Mukalemba manambala anu, amangoyerekeza ngati akufanana ndi awo. Palibe chomwe chimayenda pa netiweki ya mafoni, ndiye chifukwa chake pulogalamuyi imagwira ntchito ngakhale foni ilibe simukhadi, ilibe intaneti, ili mu ndege. Ndiyenso chifukwa chake kusamutsa simukhadi sikunasamutse makhodi anu. Kiyi ija sikhala pa simukhadi, imakhala mu pulogalamu.

Ndiye munthu woyamba kumuimbira ndi mng'ono wanu, ndipo funso lake ndi lakuti: kodi foni ija unaifufuta zonse? Ngati sanaifufute, mwayi ulipo waukulu. Atsegule Authenticator, muona mzere wolembedwa Google ndi adiresi ya imelo yanu, pansi pake manambala 6, pambali kachizindikiro kosonyeza nthawi yomwe yatsala. Dikirani manambala atsopano atuluke kumene, muwalembe m'kabokosi, mudine `Suivant`, lomwe ndi batani lopitira patsogolo. Ndi bwino foniyo ikhale m'manja mwanu m'malo moti akuwerengereni pa lamya, chifukwa masekondi 30 amatha muli mkati mofunsana kuti wati 9 kapena 5.

Pali msampha umodzi pa mafoni akale womwe umasokoneza ngakhale anthu odziwa. Mwalemba manambala molondola, koma tsamba likukana ndi mawu ofiira. Nthawi zambiri wolakwa ndi wotchi. Foni yomwe yakhala yozima nthawi yaitali, kapena yomwe wina anaikonza nthawi pamanja, imatha kutsalira kapena kutsogola, ndipo mphindi ziwiri zokha ndi zokwanira kuti masamu a mbali ziwiri zija asiyane. Choipa kwambiri ndi foni yomwe pa sikirini ikuonetsa nthawi yolondola koma chigawo cha nthawi ya dziko chinasankhidwa cholakwika. Maso anu aona zonse zili bwino, pamene mkati foniyo yasemphana ndi maola athunthu. Lowani m'makonzedwe a foni, pa gawo la tsiku ndi nthawi, muyatse zoti nthawi ndi chigawo chake zizidzikonza zokha, muilumikize ku netiweki kwa kanthawi, kenako muyesenso. Onetsetsaninso kuti mukuwerenga mzere woyenera, chifukwa mu pulogalamu imodzi mumatha kukhala makhodi a maakaunti angapo, ndipo onse amaoneka ofanana.

Nanga mutangoika Authenticator pa foni yatsopano? Kuyambira mu 2023 pulogalamuyi imatha kusunga makhodi mu akaunti ya Google, moti amene anayatsa zimenezo amawapeza pa foni yatsopano akangolowa. Koma taonani mfundo yake: makhodiwo akasungidwa mu akaunti yomweyo imene mwatsekeredwa kunja, zili ngati kiyi wa nyumba watsekeredwa m'nyumba momwemo. Zimathandiza pokhapokha ngati foni yatsopanoyo inalowa kale mu akauntiyo. Ndipo apa ndikufunseni: kodi pa foni yatsopanoyo mumalandira maimelo a akaunti yomweyi? Ngati eya, ndiye kuti khomo lina ndi lotsegula kale, ndipo chilichonse chingachitike, musatuluke mu akauntiyo pa foni imeneyo, musaifufute, musachotse pulogalamu ya Gmail poganiza kuti ikayambanso iyenda bwino. Chipangizo chomwe chili kale mkati ndicho chuma chanu pa nthawi ngati ino.

Tibwere ku mawu aja a `Essayer une autre méthode`. Akutanthauza kuti yesani njira ina, ndipo pa tsamba lonselo ndi amene ali ofunika kwambiri. Samaoneka ngati batani, amangokhala mawu a buluu pansi, koma pafupifupi tsamba lililonse lotsimikizira lili ndi mnzake wa mawu amenewa pa malo omwewo. Mukawadina patuluka njira zokhazo zomwe munalembetsa kale pa akaunti yanu. Simungawonjezere yatsopano muli panja. Mzere wokhala ndi `SMS` ndi nambala yobisidwa ndi wa meseji. Wokhala ndi liwu loti `appel` ndi woti makina akuimbireni n'kukuwerengerani manambala. Wotchula `codes de secours` ndi wa makhodi osungira, aja amaperekedwa 10 nthawi imodzi, iliyonse ya manambala 8 ndipo yogwira ntchito kamodzi kokha. Ngati munawasindikiza kapena kuwalemba m'kope tsiku lomwe munayatsa chitetezochi, nthawi yake ndi ino. Ngati pali mzere wotchula dzina la foni yanu ndi liwu loti `Oui`, kutanthauza eya, ndiye kuti uthenga wofunsa ngati ndinudi ubwera pa foni yomwe ili kale mu akaunti. Umenewu si meseji. Umadzera pa intaneti, moti foniyo iyenera kukhala ndi deta kapena wayifayi, ndipo ukapanda kutulukira pa sikirini, tsegulani pulogalamu ya Gmail kapena ya Google, kawirikawiri umakhala ukudikira mmenemo.

Tiyerekeze kuti mwasankha meseji, popeza simukhadi muli nayo. Musanadine, yang'anitsitsani manambala awiri omaliza aja. Ngati ndi a nambala yanu ya lero, pitirizani. Ngati ndi a nambala yomwe munasiya kalekale, musatumizeko khodi, chifukwa nambala yomwe yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito makampani a mafoni amaipereka kwa munthu wina. Ngati manambalawo simunakhalepo nawo n'kale lomwe, apo ndiye pali fungo loipa: mwina wina analowa n'kusintha. Zikatero lumphirani ku zobwezeretsa akaunti zomwe ndikambe kumapetoku.

Mwadina, tsamba lanena kuti `envoyé`, tsopano ndiye mukudikiradi meseji. Ya Google imabwera ndi manambala 6 otsogozedwa ndi `G-`, ndipo inu mumalemba manambala okhawo. Nthawi zambiri imafika mphindi imodzi isanathe. Ikachedwa, dzanja limayabwa kuti mudine mawu otumiziranso, omwe m'Chifalansa amayamba ndi `Renvoyer`. Ligwireni dzanjalo. Mukapempha khodi kangapo, yogwira ntchito imakhala yomaliza yokha, ndipo mameseji akachedwa m'njira amatha kufika onse pamodzi mosatsata dongosolo. Mumalemba yoyamba kufika, ikanidwa, mupemphanso ina, ndipo mukuzungulira pamodzimodzi ngati galu wothamangitsa mchira wake. Kuwonjezera apo, makina amawerenga kuti mwapempha kangati ndipo mwalakwitsa kangati. Mukapyola malire amakuimitsani, pena kwa maola angapo, ndi uthenga wokhala ndi mawu ngati `trop de tentatives`, kutanthauza kuti mwayesa kambiri. Pamenepo palibe batani lomwe lingafupikitse nthawiyo, ndipo kupitiriza kuyesa kumangoipitsa zinthu. Pemphani kamodzi, dikirani mphindi 5, ndipo m'mphindi zimenezo fufuzani foni.

Kufufuzako kuyambe ndi chinthu chophweka: pemphani wina akutumizireni meseji wamba ya pa nambala, osati ya pa WhatsApp. Ikalephera kufika, vuto lili pa foni kapena pa simukhadi, ndipo Google sikukhudzidwa. Yatsani batani la ndege kwa masekondi 10 n'kulizimitsa kuti foni ifunenso netiweki, kapena izimitseni yonse n'kuiyatsanso. Pa foni ya masimukhadi awiri onani ngati yomwe ili ndi nambala ija ndi yoyatsidwa. Pa timafoni tating'ono ta mabatani, malo osungira mameseji akadzaza atsopano salowa mpaka mutafufuta akale. Ngati muli kunja kwa dziko lomwe munagula simukhadiyo, meseji ifika pokhapokha kampani yanu italola kuti nambalayo izigwira ntchito kunja, ndipo wayifayi payokha kawirikawiri siibweretsa.

Meseji ya mnzanu ikafika koma ya khodi ayi, musadabwe, chifukwa ziwirizi sizidzera njira imodzi. Mameseji a makhodi amatumizidwa ndi makina, kudzera m'makampani apakati, ndipo pa foni amaoneka ndi dzina kapena kanambala kakafupi m'malo mwa nambala ya munthu. Otere ndi amene zosefera za pa foni zimakonda kuwagwira. Tsegulani pulogalamu ya mameseji, mulowe pa timadontho titatu kapena pa kachithunzi ka pakona, mufune gawo la mameseji otsekedwa ndi osafunika. Mafoni ena amaika mameseji a anthu osadziwika pa mndandanda wawokha, ndipo salira akafika. Foni yanu ndi yatsopano, ndiye n'kutheka kuti simunazolowere komwe imabisa zinthu. Mukapanda kuipeza, bwererani ku `Essayer une autre méthode` musankhe kuimbiridwa. Kuimba kumadzera njira ina, ndipo nthawi zambiri kumadutsa pamene meseji yakanika. Khalani ndi cholembera pafupi, ndipo ndi nzeru kuti mukhale mutasintha kale chinenero cha tsamba musanapemphe.

Pomasulira mawu otsala, mutha kuloza kamera ya foni pa sikirini ndi pulogalamu yomasulira, kapena kufunsa mwini laputopuyo, yemwe Chifalansa ndi chake. Chokhacho, musatumize chithunzi cha tsambalo m'magulu a anthu ambiri, makamaka ngati pakuoneka khodi, kachithunzi ka QR kapena makhodi osungira. Ndipo aliyense amene angakuimbireni kapena kukulemberani kuti ndi wa ku kampani, akuthandizani mukamuuza khodi yomwe yabwera, ndi mbava. Khodi imalembedwa m'kabokosi ka pa tsamba lomwe mwatsegula nokha, siuzidwa munthu. Chimodzimodzi uthenga wofunsa ngati ndinu ukabwera pamene simukulowa paliponse: yankhani kuti ayi, n'kusintha pasiwedi, chifukwa ndiye kuti wina waidziwa.

Mukamalowa pa laputopu yobwerekayo, samalani ndi kabokosi kakang'ono kochonga komwe kali pansi pa malo olemba khodi, ka mawu oyamba ndi `Ne plus`. Kakutanthauza kuti asadzafunsenso khodi pa makina amenewa. Pa makina anu ndi kothandiza, koma pa a mnzanu kachotseni chongacho ngati chilipo kale, ndipo mukamaliza tulukani mu akaunti.

Ngati zonse zakanika, foni yakale inafufutidwa, makhodi osungira mulibe, nambala ndi yakale, chatsala ndi tsamba lobwezeretsa akaunti, `g.co/recover`. Apa laputopu yobwereka ndi mdani wanu. Makina a Google amakhulupirira kwambiri pempho lochokera pa chipangizo, bulawuza ndi malo omwe munkalowera kale, choncho chitirani pa foni kapena kompyuta yanu yozolowera, pa intaneti yomwe mumagwiritsa ntchito masiku onse. Yankhani mafunso onse mmene mungathere m'malo mowadumpha, lembani pasiwedi yomaliza yomwe mukuikumbukira, ndipo perekani imelo ina yomwe mungathe kuitsegula, chifukwa yankho libwera kumeneko. Pa akaunti yokhala ndi chitetezo chachiwiri zimatha kutenga masiku 3 mpaka 5 a ntchito. Kuchedwako ndi kwadala, kuti mwini weniweni apeze mpata wokana ngati wopemphayo ndi wakuba. Palibe katswiri wa pa msewu kapena wa pa intaneti amene angakudumphitseni mzere umenewu, ndipo amene akulonjeza kutero mukamulipira akufuna ndalama zanu kapena akaunti yanu.

Anthu oyenera kuwafikira ndi awiri, malingana ndi vuto. Ngati meseji wamba sikufika, kapena foni yataya netiweki mwadzidzidzi pamene a anzanu a kampani yomweyo ali nayo, pitani ku kampani ya mafoni tsiku lomwelo ndi chitupa chanu, mukafunse ngati nambala yanu yasamutsidwira pa simukhadi ina. Akuba amachita zimenezi kuti makhodi azifikira iwo. Ngati akauntiyo ndi ya kuntchito kapena ya kusukulu, yomwe adiresi yake sithera ndi `@gmail.com`, musataye nthawi ndi tsamba lobwezeretsa. Woyang'anira makompyuta wa pamalopo atha kukupangirani makhodi osungira m'mphindi zochepa.

Tsiku lomwe mwalowa, foni yakale isabwerere kwa mng'ono wanu makhodi adakali momwemo. Mu Authenticator ya pa foni yakale muli gawo loyamba ndi liwu loti `Transfer`. Limatulutsa kachithunzi ka QR komwe mumakajambula ndi Authenticator ya pa foni yatsopano, ndipo mizere yonse imasamuka. Yesani khodi imodzi ya pa foni yatsopano kuti muone kuti ikulola, kenako chotsani pulogalamuyo pa yakale ndi kuchotsamonso akaunti yanu. Mukatero pitani pa `myaccount.google.com/security`, muone ngati nambala yolembedwa ndi yomwe muli nayo lero, mutenge makhodi osungira 10 aja, muwalembe pa pepala n'kuwasunga pamodzi ndi zikalata zanu zofunika. Musawasunge mu imelo yomweyo kapena mu zithunzi za pa foni, chifukwa tsiku lomwe mudzawafune ndi lomwe zimenezo zidzakhale zotseka. Mukadzatenga makhodi atsopano, akale onse amafa nthawi yomweyo, choncho pepala lakale mudzaling'ambe kuti lisadzakusokonezeni.